VPN ikukana mutasintha pasiwedi: poyambira kufufuza

Ofesi ikangolamula kuti anthu asinthe mapasiwedi, m'mawa wake dandaulo limakhala limodzi: VPN ikukana. Ambiri amathamangira kupempha a IT kuti awapatsenso pasiwedi ina, ndipo apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera, chifukwa tsopano pali mapasiwedi atatu ndipo palibe akudziwa kuti laputopu, foni ndi seva zikugwiritsa iti. Kawirikawiri pasiwedi yatsopano imakhala ilibe vuto. Chimene chikuvuta ndi yakale imene yatsalira penapake, kapena tokeni ndi satifiketi zimene zangopezeka kuti zavuta tsiku lomwelo.

Malangizowa alembedwa potengera ofesi yogwiritsa OpenVPN pa Windows, maakaunti ali mu Active Directory, dongosolo la Microsoft losunga mayina ndi mapasiwedi a ogwira ntchito, nambala yachiwiri yolowera ikuchokera pa tokeni, pulogalamu ya pafoni yotulutsa manambala osinthasintha, ndipo laputopu iliyonse ili ndi satifiketi yake, fayilo yokhala ngati chitupa chake. Ngati VPN yanu ndi ya mtundu wina, mauthenga asiyana koma kafufuzidwe kake ndi komweka.

## Musanayesenso, werengani logi

OpenVPN safunsa zonse nthawi imodzi. Zili ngati mlonda wa pageti amene amayamba waona chitupa, kenako n'kufunsa dzina. Choyamba laputopu ndi seva zimaonetsana masatifiketi. Zikagwirizana, m'pamene dzina, pasiwedi ndi nambala ya tokeni zimatumizidwa. Choncho uthenga wa mu logi, fayilo imene pulogalamu imalembamo zonse zimene zachitika, umakuuzani pamene mwaimitsidwa.

Dinani kumanja pa kachizindikiro ka OpenVPN GUI pansi pafupi ndi wotchi, musankhe `View Log`. Fayilo yake imakhala mu `%USERPROFILE%\OpenVPN\log`. Pitani kumapeto, muyang'ane mizere iyi:

```
AUTH: Received control message: AUTH_FAILED
TLS Error: TLS handshake failed
VERIFY ERROR: depth=0, error=certificate has expired
```

Mukaona `AUTH_FAILED`, satifiketi yadutsa, musaivutitse. Vuto lili pa dzina, pasiwedi, tokeni kapena akaunti. Mukaona `TLS Error` kapena `VERIFY ERROR`, pasiwedi yanu sinafike n'komwe pa seva, ndipo ngakhale mutaisintha kangati sizithandiza.

## Chizindikiro 1: AUTH_FAILED nthawi yomweyo mukangodina Connect

Zoyambitsa, kuyambira zofala kwambiri:

1. Pulogalamu yasunga pasiwedi yakale. Ngati munachongapo `Save password`, OpenVPN GUI imatumiza yakaleyo yokha. Dinani kumanja pa kachizindikiro, musankhe `Clear Saved Passwords`, kenako mulembe yatsopano ndi manja. Tsegulaninso fayilo ya `.ovpn` ndi Notepad. Ngati mzere wa `auth-user-pass` uli ndi dzina la fayilo kutsogolo kwake, monga `auth-user-pass login.txt`, pasiwedi ikuwerengedwa m'fayilo imeneyo, ndipo mzere wake wachiwiri ndi woti usinthidwe.

2. Akaunti yatsekedwa kale. Pasiwedi yakale ikayesedwa kangapo, Active Directory imatseka akaunti, ndipo ikatero imakana ngakhale pasiwedi yolondola. Uthenga wa pa laputopu susiyanitsa ziwirizi. Onani Chizindikiro 2.

3. Pasiwedi ndi yongoyembekezera. A IT akasinthira munthu pasiwedi, nthawi zambiri amachonga `User must change password at next logon`. Ma VPN ambiri otsimikizira kudzera pa LDAP kapena RADIUS, njira zimene VPN imafunsira ngati dzina ndi pasiwedi zili zolondola, alibe njira yokufunsani pasiwedi yatsopano, ndiye amangokana. Muyenera kuisintha kaye pa kompyuta ya mu ofesi kapena pa tsamba losinthira pasiwedi ngati ofesi yanu ili nalo. Ngati muli kutali, a IT achotse chongacho, mulowe, kenako musinthe nokha ndi `Ctrl+Alt+Del`.

4. Kiyibodi ikulemba zina. Ichi anthu amachinyoza, koma chimagwira ambiri kuno kwathu komwe malaputopu ena anachokera ku Britain, ena ku America. Pa kiyibodi ya UK, `Shift+2` imalemba `"`. Pa ya US imalemba `@`. `Shift+3` imalemba `£` pa ya UK koma `#` pa ya US. Munthu akasintha pasiwedi pa kompyuta ya mu ofesi n'kukailemba pa laputopu kunyumba, zala zimadina malo omwewo koma zilembo n'kutuluka zina. Lembani zizindikiro zokhazo mu Notepad muone chimene chikutuluka, kenako mufufute osasunga.

5. Pasiwedi sinafike konse. Mkati mwa Active Directory kusinthaku kumatumizidwa mwachangu ku seva yaikulu yotchedwa PDC Emulator, ndipo seva ina ikakayikira pasiwedi imafunsa kumeneko, choncho sipakhala kudikira kwenikweni. Kuchedwa kumabwera ngati VPN imatsimikizira kudzera pa Microsoft Entra ID, nkhokwe ya maakaunti ya pa intaneti, komwe mapasiwedi amatumizidwa mphindi 2 zilizonse zinthu zikamayenda bwino, kapena ngati nthambi yanu yadukana ndi likulu. Dikirani mphindi zochepa musanayesenso.

Kwa a IT, seva imanena chifukwa chenicheni. Ngati VPN imafunsa kudzera pa LDAP, yankho lokana limakhala `error 49`, ndipo kanambala kotsatira mawu oti `data` ndi komwe kali ndi nkhani:

- `52e`: pasiwedi yolakwika
- `775`: akaunti yatsekedwa
- `773`: ayenera kusintha pasiwedi kaye
- `532`: pasiwedi inatha nthawi
- `533`: akaunti inaimitsidwa

Ngati imadutsira pa NPS, seva ya RADIUS ya Windows, yang'anani chochitika `6273` mu Event Viewer. `Reason Code 16` ndiye kuti dzina kapena pasiwedi sizikugwirizana, `36` ndiye kuti akaunti yatsekedwa.

## Chizindikiro 2: akaunti ikutsekedwa mobwerezabwereza

Apa ndi pomwe pamatha nthawi yambiri. A IT amatsegula akaunti, munthu n'kulowa, pakangopita kanthawi yatsekedwanso. Kutsegula kokha sikuthetsa kanthu, chifukwa pali chipangizo china chimene chikungotumizabe pasiwedi yakale popanda munthu kudina chilichonse.

Kumene yakale imabisala, kuyambira kofala:

1. Imelo ya ku ntchito pa foni kapena pa tabuleti, makamaka foni yakale imene munapatsa mwana koma akaunti simunachotse.
2. Wi-Fi ya mu ofesi imene imafunsa dzina ndi pasiwedi. Foni ikangofika pafupi ndi ofesi imayesa yokha.
3. Zosungidwa mu Credential Manager, monga mafoda a pa netiweki ndi maprintala. Lembani `cmdkey /list` muone, kenako muchotse zakale ndi `cmdkey /delete:` n'kuikapo dzina lake.
4. Kompyuta ina kapena seva imene munalowapo ndi Remote Desktop n'kungotseka windo osatuluka.
5. Ntchito za mu Task Scheduler zoyenda m'dzina lanu, kapena VPN yodzilumikiza yokha pa rauta ndi pa makina a Linux.

Tiyerekeze nkhani imodzi. Mayi wina wa ku dipatimenti ya zachuma wasintha pasiwedi Lachisanu pa kompyuta ya mu ofesi. Ofesi yawo imatseka akaunti pasiwedi ikalakwika kasanu. Lolemba akugwirira ntchito kunyumba. Pa laputopu walowa ndi pasiwedi yakale ndipo yalola, chifukwa Windows imasunga chikumbukiro cha malowedwe apitawo ndipo laputopuyo sinalankhulane ndi ofesi chisinthireni. Zimenezi zamupangitsa kuganiza kuti kusintha kuja sikunatheke, ndiye pa VPN walembanso yakale katatu. Atayesa yatsopano, yakananso.

Wa IT wayamba ndi kufunsa akaunti:

```
Get-ADUser dzina -Properties LockedOut,PasswordLastSet,badPwdCount
```

`PasswordLastSet` ikuonetsa Lachisanu, ndiye kusintha kunatheka. `LockedOut` ikuti `True`. Koma mayiyu walakwitsa katatu kokha, choncho pali china chimene chawonjezera. Wa IT watsegula akaunti ndi `Unlock-ADAccount`, mayiyu walowa, koma isanakwane nthawi ya nkhomaliro yatsekedwanso asanalembe kalikonse.

Tsopano wapita pa PDC Emulator, mu logi ya `Security`, n'kusefa chochitika `4740`. Pamzere wa `Caller Computer Name` sipakuoneka laputopu kapena seva ya VPN, pakuoneka seva ya pulogalamu ya malipiro. Walemba:

```
query user /server:dzina-la-seva
```

Dzina la mayiyu lilipo, ndipo pa `STATE` palembedwa `Disc`. Lachinayi analowa pa sevayo ndi Remote Desktop n'kungodina `X`. Gawo lake linatsala lamoyo ndi pasiwedi yakale, ndipo nthawi ndi nthawi limayesa kufikira mafoda a pa netiweki nayo. Wa IT walitulutsa ndi `logoff`, nambala ya gawolo ndi `/server:dzina-la-seva`, watsegulanso akaunti, kutsekedwa kwatha.

Chatsala ndi laputopu. VPN ikalumikizika, mayiyu adine `Windows+L`, kenako atsegule ndi pasiwedi yatsopano. Apo laputopu imafunsa ku ofesi n'kusintha chikumbukiro chake. Akapanda kutero, laputopuyo ndi imene idzakhale ikutumiza yakale ku mafoda ndi maprintala, n'kutseka akaunti kachitatu.

Dziwani kuti `Caller Computer Name` nthawi zina imaonetsa seva ya imelo kapena ya NPS, nthawi zina imakhala yopanda kanthu. Sevazo si zolakwa, zangodutsitsa pempho. Pitani mu logi yawo pa mphindi yomweyo, mudzapeza adiresi ya chipangizo chenicheni.

## Chizindikiro 3: pasiwedi ikugwira kwina konse, koma VPN ikukanabe

Ngati pasiwedi yatsopano ikulowa pa imelo ndipo akaunti si yotsekedwa, tembenukirani ku tokeni. Kusintha pasiwedi sikukhudza tokeni, koma ndi tsiku limeneli pamene anthu amalemba zonse ndi manja, ndiye zolakwika zimaonekera.

1. Malo olemba nambala. Maofesi ena amafuna nambala m'bokosi lakelake, limene limabwera ngati fayilo ili ndi mzere wa `static-challenge`. Ena amafuna ilumikizidwe kumapeto kwa pasiwedi popanda mpata. Mukachita za mtundu wina pa seva ya mtundu wina, mulandira `AUTH_FAILED` basi. Ndipo kumene nambala imalumikizidwa ku pasiwedi, `Save password` imasunga nambala yakufa kale.

2. Wotchi ya foni. Nambala za TOTP, zomwe amapereka mapulogalamu ngati Google Authenticator, zimakhala za manambala 6 ndipo zimasintha masekondi 30 aliwonse. Foni siilandira kuchokera ku seva. Imaiwerengera yokha kuchokera pa nthawi ndi kiyi imene inalowa tsiku lija munajambula QR. N'chifukwa chake imagwira ntchito ngakhale mulibe bandulo, koma n'chifukwa chakenso wotchi ikatsogola kapena kutsalira ndi mphindi imodzi kapena ziwiri nambala zimakanidwa. Anthu amene amatsogoza wotchi ya foni ndi mphindi 5 kuti asamachedwe ku ntchito, tokeni yawo siingagwire. Yatsani nthawi yodziikira yokha m'makonzedwe a foni. Onaninso chigawo cha nthawi: kuwerengaku kumatsata UTC, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa UTC+2. Foni ikakhala pa chigawo cholakwika munthu n'kukonza maola ndi manja, nkhope ya wotchi imaoneka bwino koma mkati yaphonya ndi maola athunthu.

3. Nambala yagwiritsidwa kale. Maseva ambiri salola nambala imodzi kawiri. Mukalephera koyamba, dikirani isinthe.

4. Tokeni yakale. Ngati a IT posintha pasiwedi anakulembetsaninso tokeni, mu pulogalamu mumakhala mizere iwiri ya dzina lofanana. Wakale umatulutsabe manambala ngati palibe chachitika. Yesani winawo, ndipo muchotse wakale pokhapokha mutalowa.

5. Wotchi ya seva. Ngati anthu ambiri akukanidwa nambala nthawi imodzi, vuto si mafoni. Wa IT aone ndi `w32tm /query /status` pa Windows kapena `timedatectl` pa Linux. Seva imene yayaka magetsi atathima kwa nthawi yaitali, batire ya pa bolodi itafooka, imatha kudzuka ndi nthawi yolakwika.

## Chizindikiro 4: imalumikizika, koma pakatha ola imaduka

Ola lenilenilo ndi umboni. OpenVPN imakonzanso makiyi ake masekondi 3600 aliwonse ngati `reneg-sec` sinasinthidwe, ndipo pochita zimenezi imatumizanso dzina ndi pasiwedi zimene inasunga polumikiza. Ngati munasintha pasiwedi VPN ili yolumikizika, pa ola lotsatira itumiza yakale. Dulani nokha, mulowenso ndi yatsopano.

Ngati zikuchitika tsiku lililonse, ndiye kuti ikutumizanso nambala ya tokeni imene inatha kalekale. Kukonza kwake kuli pa seva: mzere wa `auth-gen-token` umapangitsa seva kupatsa laputopu chiphaso chakanthawi chogwiritsa ntchito m'malo mwa pasiwedi ndi nambala. Ena amangoika `reneg-sec 0` kuti zisamachitikenso. Ine sindilimbikitsa zimenezo, ndipo kuika mbali imodzi yokha sikuthandiza chifukwa mbali inayo imayambitsabe pa nthawi yake.

## Chizindikiro 5: TLS Error, VERIFY ERROR kapena satifiketi yosawerengeka

Chovuta apa n'chakuti seva ikakana satifiketi yanu, laputopu nthawi zambiri siuzidwa chifukwa. Imangodikira n'kulemba `TLS key negotiation failed to occur within 60 seconds`, uthenga womwewo umene umabwera netiweki ikavuta. Choncho yesani kaye netiweki ina, monga hotisipoti ya foni. Zikapitirira:

1. Satifiketi yatha nthawi. Kwezani maso pamwamba mu logi, mungapeze `WARNING: Your certificate has expired!`. Kapena onani nokha:

```
openssl x509 -in client.crt -noout -subject -dates
```

Tsiku la pa `notAfter` likadutsa, pakufunika satifiketi yatsopano kuchokera kwa a IT. Easy-RSA 3, pulogalamu yopangira masatifiketi a OpenVPN, imapereka masatifiketi a masiku 825 ngati sanasinthe, ndiye malaputopu amene anakonzedwa sabata imodzi amafanso sabata imodzi. Ngati satifiketi ili mkati mwa Windows, tsegulani `certmgr.msc`, mupite ku `Personal`.

2. Kiyi yachinsinsi sikutseguka. Ichi ndi chokhacho pa nkhani ya satifiketi chimene chimachokeradi ku kusintha pasiwedi. Windows imateteza makiyi a munthu ndi njira yotchedwa DPAPI, imene imadalira pasiwedi yake. Mukasintha nokha ndi `Ctrl+Alt+Del`, mumalemba yakale ndi yatsopano, ndiye Windows imatsegula ndi yakale n'kutsekanso ndi yatsopano. Koma wa IT akaisintha mokakamiza, yakale palibe. Pa akaunti ya domeni, kutanthauza ya mu Active Directory, makiyi amabwezeretsedwa laputopu ikalankhula ndi seva ya domeni. Pa akaunti ya pa kompyuta pokha, amatha kutayika, pokhapokha pasiwedi itabwezedwa pa yakale. Satifiketi imaonekabe mu `certmgr.msc` ngati ili bwino, koma yesani:

```
certutil -user -store My
```

Ikalemba `Missing stored keyset`, kapena mukaona `0x80090016`, kiyi sikufikirika. Pitani ndi laputopu ku ofesi, muilumikize pa netiweki ya mkati, mulowe ndi pasiwedi yatsopano. Zikakanika, a IT apereke satifiketi ina.

3. Mukusokoneza mapasiwedi awiri. Bokosi lolembedwa `Private Key Password` silifuna pasiwedi ya ku ntchito. Limafuna imene inaikidwa pa fayilo ya kiyi kapena ya `.p12` tsiku imene inapangidwa, ndipo imeneyo sisintha pamodzi ndi inayo. Logi imalemba `private key password verification failed`.

4. Satifiketi yatsopano, fayilo yakale. Ngati `.ovpn` ili ndi mzere wa `cryptoapicert "THUMB:..."`, ikufuna satifiketi imodzi yeniyeni. Satifiketi ikakonzedwanso, nambala ya `Thumbprint` imasintha, ndipo mzerewo uyenera kusinthidwa. Ngati mwaika `.crt` yatsopano pamodzi ndi `.key` yakale, muona `key values mismatch`.

5. Wotchi ya laputopu. `certificate is not yet valid` pafupifupi nthawi zonse imatanthauza kuti laputopu yabwerera ku chaka chakale. Konzani tsiku, ndipo ngati imabwereranso ikazimitsidwa, batire yaing'ono ya pa bolodi yatha.

## Chizindikiro 6: aliyense akukanidwa

Ngati anzanu onse akulephera, siyani kukonza laputopu yanu. Kwa a IT, yang'anani izi motsatana:

1. Akaunti imene VPN imagwiritsa pofunsa LDAP nayonso inasinthidwa pasiwedi, kapena inatha nthawi, koma pa seva ya VPN pakadali yakale. Logi ionetsa kukanidwa kwa akaunti imeneyo, osati ya munthu amene akulowa.
2. `Shared secret` ya RADIUS inasinthidwa mbali imodzi. Chonyenga n'chakuti NPS imatha kunena kuti pasiwedi za anthu n'zolakwika, pomwe yalephera kuzimasulira.
3. Mndandanda wa masatifiketi oletsedwa watha nthawi. Logi ya seva imalemba `CRL has expired`, ndipo aliyense amakanidwa. Easy-RSA 3 imaupatsa masiku 180. Onani ndi `openssl crl -in crl.pem -noout -nextupdate`, mupange wina ndi `easyrsa gen-crl`, muukopere pamene `crl-verify` ikuloza.
4. Satifiketi ya seva yeniyeniyo yatha. Apa `VERIFY ERROR` imaoneka pa laputopu iliyonse.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana a IT

- Mwalephera kawiri ndi pasiwedi imene mukuikhulupirira. Kupitiriza kuyesa kungakutsekereni akaunti.
- Tokeni yanu ndi kadi kapena kachipangizo ka USB ndipo PIN yakanidwa kamodzi. Zambiri zimadzitseka PIN ikalakwika katatu, ndipo kutsegula kumafuna nambala yotsegulira yotchedwa PUK imene ili kwa a IT.
- Foni ikukupemphani kuvomereza kulowa pomwe inu simukulowa. Kanani, muwauze nthawi yomweyo: wina ali ndi pasiwedi yanu yatsopano.
- `VERIFY ERROR` ikubwera pa Wi-Fi ya ku hotela kapena ku bwalo la ndege yokha. Musachotse mizere ya `remote-cert-tls server` kapena `verify-x509-name` kuti idutse. Mizereyo ndi imene imaletsa laputopu kupereka pasiwedi yanu kwa seva yachilendo.
- Logi ya seva ikuti `certificate revoked`. Satifiketiyo inaletsedwa dala, funsani chifukwa chake.
- Mukuganiza zofufuta satifiketi, kubweza wotchi m'mbuyo, kapena kubwereka fayilo ya `.ovpn` ya mnzanu. Kufufuta kungachotse kiyi imene ikanabwezeretsedwa. Kubweza wotchi ya laputopu sikuthandiza chifukwa satifiketi yanu imayesedwa ndi wotchi ya seva. Fayilo ya mnzanu imalemba zochita zanu zonse m'dzina lake, ndipo pa maseva ambiri imamudula iyeyo inu mukalowa.

Nawonso a IT ali ndi polekezera. Ngati zochitika `4625` kapena `6273` zikuonetsa maakaunti ambiri akuyesedwa kuchokera ku maadiresi osadziwika, kapena satifiketi ya CA, imene imasainira masatifiketi ena onse, ndi imene yatsala pang'ono kutha, itanani amene anakhazikitsa VPN kapena katswiri wa chitetezo. Kusintha CA mosakonzekera kumadula laputopu iliyonse nthawi imodzi, kuphatikizapo ya inuyo ngati mukukonza muli kutali.

Powadziwitsa a IT, tumizani mizere 20 yomaliza ya logi, nthawi yeniyeni imene munalephera, tsiku ndi kompyuta imene munasinthira pasiwedi, komanso ngati munasintha nokha kapena anakusinthirani. Musatumize pasiwedi, chithunzi cha QR, fayilo ya `.key` kapena `.ovpn` yonse pa WhatsApp, chifukwa mafayilo ambiri a `.ovpn` amakhala ndi kiyi yachinsinsi mkati, pakati pa `<key>` ndi `</key>`.